"Chiopsezo chawirikiza kawiri": funsani kuti poyamba chinali chingati

Pa 18 Okutobala 1995, komiti ya boma la Britain yoona ngati mankhwala ndi osaopsa inatumiza kalata yachangu kwa madokotala ndi ogulitsa mankhwala m'dziko lonselo. Kalatayo inanena kuti mapiritsi olerera a mtundu watsopano, omwe ali ndi mankhwala otchedwa desojesitirelo kapena jesitodini, amawirikiza kawiri chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha poyerekeza ndi mapiritsi akale. Nkhaniyi inafika pawailesi ndi m'manyuzipepala madokotala ambiri asanaiwerenge n'komwe kalatayo. Amayi anangomva kuti kawiri, ena anamva kuti 100 peresenti, ndipo ambiri anasiya kumwa mapiritsi tsiku lomwelo paketi ili pakati.

Komitiyo sinaname, koma manambala omwe anali pansi pa mawu amenewa ndi amene amayiwo sanawamve. Mwa amayi 7,000 omwe ankamwa mapiritsi akale kwa chaka chimodzi, pafupifupi mmodzi ndiye ankadwala matenda a kuundana kwa magazi. Mwa amayi 7,000 omwe ankamwa atsopanowo, ankadwala awiri. Kuchoka pa mmodzi kufika pa awiri n'kuwirikizadi kawiri. N'zoonanso kuti munthu amene wawonjezeka ndi mmodzi yekha, ndipo amayi 6,998 otsalawo sanakumane ndi vutoli.

Zotsatira za manthawa zinaoneka chaka chotsatira. Mimba zosayembekezera zinachuluka, ndipo akatswiri anawerengera kuti ku England ndi Wales kunachotsedwa mimba pafupifupi 13,000 zoposa zomwe zikanachotsedwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti mimba yeniyeniyo imakweza chiopsezo cha kuundana kwa magazi kuposa piritsi. Malinga ndi manambala a nthawi imeneyo, mwa amayi 100,000 oyembekezera, pafupifupi 60 ankadwala matendawa, pomwe mwa omwa mapiritsi atsopano anali 30 pa chaka. Choncho mayi amene anasiya piritsi poopa kuundana kwa magazi, n'kutenga mimba, chiopsezo chake chinakwera m'malo motsika. Mu 1999 akuluakulu a zaumoyo kumeneko anafewetsa malangizo awo, n'kunena kuti mapiritsi aja angaperekedwe bola mayi afotokozeredwe bwino.

Manambala awiri omwe akusiyana pano ndi ofunika kuwamvetsa. Woyamba ndi chiopsezo chofanizira, chomwe chimauza kuti gulu ili likudwala kangati poyerekeza ndi gulu linalo. Chimapezeka pogawa: awiri kugawa ndi mmodzi ndi 2, ndiye kawiri kaja. Wachiwiri ndi chiopsezo chenicheni, chomwe chimauza kuti mwa anthu angati, ndi angati adwale, pa nthawi yaitali bwanji. Kusiyana kwa magulu awiri pano kumapezeka pochotsera: awiri mwa 7,000 kuchotsapo mmodzi mwa 7,000, kutsala mmodzi mwa 7,000 pa chaka.

Wina akakuuzani kuti katundu wakwera mtengo kawiri, simuthamangira kugulitsa mbuzi musanafunse kuti ndi katundu wanji. Ngati ndi bokosi la machesi, mungodandaula pang'ono n'kugula. Ngati ndi thumba la feteleza, ndiye kuti dzinja lonse lasokonekera, chonsecho mawu akuti kawiri ndi omwewo. Pa zaumoyo funso lomweli timaiwala kulifunsa chifukwa mantha amatigwira tisanaganize.

Asayansi amakonda nambala wofanizira pa chifukwa chomveka. Kawirikawiri nambalayu sasintha kwambiri kuchoka pa gulu lina la anthu kupita pa lina, choncho ndi wabwino posonyeza kuti chinthu chakuti chimayambitsadi matenda kapena chimateteza. Atolankhani timamukonda pa chifukwa china: ndi wamkulu, ndi wachidule, ndipo amakwana pa mutu wa nkhani. Koma mayi yemwe wagwira paketi ya mapiritsi m'manja sakulemba lipoti la sayansi. Iye akufuna kudziwa ngati amwe piritsi la usiku uno, ndipo funso lakelo limayankhidwa ndi nambala weniweni. Ine ndimaona kuti wolemba nkhani amene wapereka kawiri popanda kunena kawiri ka chiyani sanamalize ntchito yake, ngakhale mawu onse omwe walemba akhale oona.

Nambala wofanizira amakulitsanso phindu monga momwe amakulitsira mantha, ndipo chitsanzo chake tonse tinachimvapo pa wailesi: mdulidwe wa abambo umachepetsa chiopsezo chotenga kachilombo ka HIV ndi 60 peresenti. Nambalayu anachokera ku akafukufuku akuluakulu atatu, wa ku Orange Farm ku South Africa, ku Rakai ku Uganda ndi ku Kisumu ku Kenya. Tiyeni titsegule wa ku Kisumu, yemwe zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2007.

Anyamata ndi abambo 2,784 a zaka 18 mpaka 24, onse opanda kachilombo, anagawidwa mwamaere m'magulu awiri ofanana kukula. Gulu lina linadulidwa nthawi yomweyo, lina linauzidwa kuti lidikire. Pomwe kafukufukuyo amaimitsidwa, 22 mwa odulidwa anali atatenga kachilombo, pomwe mwa osadulidwa anali 47. Powerengera zaka ziwiri, odulidwa omwe anatenga kachilombo anali pafupifupi awiri mwa 100 alionse, osadulidwa anayi mwa 100 alionse. Pofanizira, chiopsezo chinatsika ndi 53 peresenti, ndipo chinafika pa 60 peresenti ofufuzawo atawerengera amene anadulidwadi, kaya maere anawaika gulu liti. Powerenga anthu enieni, mwa abambo 100 alionse, awiri anapulumuka ku kachilombo m'zaka ziwiri. Kunena kwina, pankafunika kudula abambo pafupifupi 50 kuti mmodzi apewe kachilombo pa nthawi imeneyo.

Wina atha kuona awiri mwa 100 n'kunena kuti n'zochepa. Ine sinditero. Kachilombo ka HIV munthu amakhala nako moyo wonse ndipo angathe kupatsira mkazi wake, pomwe mdulidwe umachitika kamodzi ndipo chitetezo chake sichithera pa zaka ziwiri zomwe ofufuza anaonerera. Kudula anthu 50 kuti mmodzi apulumuke m'zaka ziwiri zoyambirira zokha ndi phindu lalikulu, n'chifukwa chake Bungwe Loona Zaumoyo Padziko Lonse linavomereza njirayi mu Malichi 2007. Koma nambala weniweni amaonetsa zomwe 60 peresenti imabisa, zakuti abambo 22 odulidwa anatengabe kachilombo. Mnyamata amene wamva 60 peresenti n'kuganiza kuti tsopano kondomu ndi yosafunika wamva molakwika. Nambalayo sakutanthauza kuti abambo 60 mwa 100 sangatengenso kachilombo, komanso sakunena chilichonse za chitetezo cha mkazi.

Palinso china chomwe owerenga ayenera kusamala nacho. Nambala weniweni amadalira kuti anthuwo ayambira pati. Tiyerekeze dera lomwe kachilombo sikafala kwambiri, komwe mwa abambo 1,000 osadulidwa ndi anayi okha amatenga m'zaka ziwiri. Mdulidwe ukachepetsa chiopsezo ndi theka monga ku Kisumu, atsala awiri mwa 1,000. Nambala wofanizira sanasinthe, koma tsopano pafunika kudula abambo 500 kuti mmodzi apulumuke. N'chifukwa chake ntchito ya mdulidwe inalunjikitsidwa ku maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, komwe kachilombo n'kofala ndipo abambo ambiri anali osadulidwa.

Zomwezi zimachitika ndi munthu payekha. Mmodzi mwa 7,000 uja anali wa amayi onse pamodzi, koma mayi wosuta fodya wopitirira zaka 35, wonenepa kwambiri, amene wangobereka kumene, kapena amene magazi anamuundanapo kale, sayambira pomwe anzake ayambira. Kwa iye kawiri ndi nkhani yaikulu, ndipo ichi n'chifukwa chake anamwino a kusikelo ya kulera amafunsa mafunso amenewa ndi kuyeza kuthamanga kwa magazi asanapereke mapiritsi. Manambala eni ake nawonso amasintha kafukufuku akamachuluka. Bungwe la ku Ulaya loona za mankhwala litaunikanso nkhaniyi mu 2013, linapeza kuti mwa amayi 10,000 pa chaka, odwala ndi awiri mwa osamwa mapiritsi, 5 mpaka 7 mwa omwa akale aja, ndipo 9 mpaka 12 mwa omwa atsopano. Ndi okwera kuposa a 1995, komabe matendawa akadali osowa. Ngakhale ali osowa choncho, mayi womwa mapiritsi akaona mwendo umodzi watupa, ukuwawa pa katumba ndiponso ukutentha, kapena akayamba kubanika mwadzidzidzi ndi kumva kuwawa pachifuwa, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Wofotokozera anthu kafukufuku, kaya ndi mtolankhani, mlangizi wa zaumoyo kapena dokotala, ntchito yake ndi ya masamu a ku pulayimale. Apeze mu lipotilo kuti gulu lililonse munali anthu angati ndipo anadwala angati. Kenako awaike onse pa chiwerengero chimodzi, mwa 100, mwa 1,000 kapena mwa 10,000, osasinthasintha. Kulemba kuti mmodzi mwa 7,000 kenako mmodzi mwa 3,500 kumasokoneza, chifukwa owerenga ambiri amaona 7,000 n'kuganiza kuti ndiye woopsa. Atchulenso nthawi, poti awiri mwa 100 pa chaka n'zosiyana kutalitali ndi awiri mwa 100 pa moyo wonse, ndipo anene kuti anthu ofufuzidwawo anali otani. Nambala wofanizira abwere pambuyo, atatsamira pa manambala enieniwo.

Chinyengo chomwe chimandikwiyitsa kwambiri ndi cha kusakaniza miyeso. Kapepala kotsatsa mankhwala kamanena kuti amachepetsa matenda ndi theka, kenako pa zovuta zake n'kunena kuti zimagwera anthu awiri okha mwa 1,000. Phindu laperekedwa mofanizira kuti lioneke lalikulu, vuto laperekedwa m'manambala enieni kuti lioneke laling'ono. N'kutheka kuti theka lija ndi kuchoka pa anayi kufika pa awiri mwa 1,000, ndiye kuti opindula ndi ovutika ndi ofanana kuchuluka, ndipo chotsala n'kuyeza kuti choopsa kwambiri n'chiti pakati pa matendawo ndi vutolo. Mukaona peresenti mbali imodzi ndi "mwa anthu 1,000" mbali inayo, dziwani kuti pakufunika kuwerengera nokha.

Inu owerenga, mukamva pa wailesi kuti chakudya chakuti kapena mankhwala akuti awirikiza chiopsezo, musasiye mankhwala anu usiku womwewo. Pitani nayo paketiyo kuchipatala, ndipo mukafunse adokotala kapena anamwino kuti mwa anthu 1,000 onga inu, ndi angati amadwala akamamwa, ndi angati akapanda kumwa, ndipo pa zaka zingati.