Nambala ya Banki Yeniyeni Ili Kuti?

Foni yalira, munthu akuti ndi wa kubanki. Nditani?

Dulani, kenako muimbe nokha. Nambala yooneka pafoni akuba amatha kuisintha kuti ifanane ndi ya banki.

Nanga yeniyeni ndiipeza kuti?

Yang'anani kuseri kwa khadi lanu la ATM kapena pachikalata chimene munalandira potsegula akaunti. Musadalire nambala yobwera mu uthenga, ngakhale yotulukira pamwamba pa Google, chifukwa akathyali amalipira kuti zawo zioneke poyamba.

Adiresi ndiitsimikiza bwanji?

Yerekezani ya pachikalata chanu ndi ya pawebusaiti ya bankiyo. Zikasiyana, pitani kunthambi imene mumaidziwa mukafunse.

Wonyenga amadziwika ndi chiyani?

Amakufulumizitsani, napempha PIN. Wogwira ntchito kubanki sapempha PIN.