Ngodya ikabwerezedwa kawiri: kumene mafomula ake amachokera

Funsani wophunzira masamu kuti sin 2A ndi chiyani. Nthawi zambiri ayankha msangamsanga kuti ndi 2 sin A, poganiza kuti nambala 2 ingathe kungotulutsidwa panja. Tiyeni tiyese ndi ngodya ya madigiri 45. Tikaibwereza kawiri ikhala 90, ndipo sin 90° ndi 1. Koma 2 sin 45° ndi pafupifupi 1.414, pomwe sayini sapitirira 1 ngakhale pang'ono. Yankho lija lagwera pomwepo.

Yankho loona silofunika kuliloweza pamtima, chifukwa limabadwa kuchokera ku mafomula a ngodya ziwiri zophatikizidwa. Nzeru imeneyi ndi yakale. Cha m'ma 150, Ptolemy wa ku Alexandria ankagwiritsa ntchito mfundo yonga yomweyi powerengera kayendedwe ka zinthu zakuthambo. Lero timalemba chonchi:

sin(A + B) = sin A cos B + cos A sin B

cos(A + B) = cos A cos B − sin A sin B

Mafomulawa amagwira pa ngodya ziwiri zilizonse, ndiye palibe chotiletsa kunena kuti B ndi wofanana ndi A. Paliponse pali B tilembepo A. Fomula yoyamba isanduka sin A cos A + cos A sin A. Zigawo ziwirizi ndi chinthu chimodzi, changosinthana malo, choncho:

sin 2A = 2 sin A cos A

Amene anayankha kuti 2 sin A uja anataya cos A panjira. Pa madigiri 45, 2 × 0.707 × 0.707 ikutipatsa pafupifupi 1, monga zikuyenera kukhalira.

Tikachita zomwezo ndi fomula yachiwiri tipeza cos 2A = cos²A − sin²A. Koma kosayini ali ndi nkhope zitatu. Tikudziwa kuti sin²A + cos²A = 1. Tikaika 1 − sin²A m'malo mwa cos²A, tipeza cos 2A = 1 − 2 sin²A. Tikaika 1 − cos²A m'malo mwa sin²A, tipeza cos 2A = 2 cos²A − 1. Zitatu zonsezi n'zoona, koma luso lagona pa kusankha yoyenera ntchito imene ili patsogolo panu.

Tione chitsanzo. Tapatsidwa (1 − cos 2A) ÷ sin 2A kuti tiifupikitse. Choyamba kuyang'ana ndi 1 ali pamwambayo: ndi nkhope iti ya cos 2A imene ingamuchotse? Ndi 1 − 2 sin²A. Pamwamba pakhala 1 − (1 − 2 sin²A). Apa m'pamene ambiri amapunthwa, chifukwa chizindikiro chochotsera chimakhudza zonse zili m'mabulaketi, osati 1 yekha. Tikasamala, patsala 2 sin²A. Pansi tilembe 2 sin A cos A. Tigawe pamwamba ndi pansi ndi 2 sin A, ndipo patsala sin A ÷ cos A, amene ndi tan A. Chimtolo chonse chija chasanduka kanthu kamodzi.

Musakhulupirire msanga. Yesani ndi madigiri 30: cos 60° ndi 0.5 ndipo sin 60° ndi 0.866, ndiye 0.5 ÷ 0.866 ndi 0.577, zofanana ndi tan 30°. Mukanaphonya chizindikiro chija, yankho likanatuluka −0.577 ndipo cholakwa chikanaonekera. Palinso malire ake. A akakhala 0°, tan A ndi 0, koma funso loyamba lija likhala 0 ÷ 0, zomwe zilibe tanthauzo. Kufupikitsaku kumagwira pokhapokha sin 2A asali 0.

Phindu la kufupikitsa limaoneka bwino pabwalo la mpira. Goloboyi akamenya mpira kuchokera pansi ndi liwiro v pa ngodya A, tikapanda kuwerengera kukankha kwa mpweya, mtunda umene mpirawo ukagwere ndi 2v² sin A cos A ÷ g, pomwe g ndi mphamvu yokokera zinthu pansi, pafupifupi 9.8. Nanga ngodya yabwino ndi iti? Kuyankha n'kovuta, poti A akamakula sin A amakwera pomwe cos A amatsika. Koma tikalemba v² sin 2A ÷ g, yankho lili poyera. Sayini amafika pachimake pa madigiri 90, ndiye A akhale 45. Pa liwiro la mamita 20 pa sekondi, mpira ugwera pa mamita pafupifupi 41. Akaumenya pa madigiri 30 kapena 60, ugwera malo amodzi, pa mamita pafupifupi 35, chifukwa sin 60° ndi sin 120° n'zofanana.