Nyumba ya anthu awiri, mmodzi akamwalira

Ku England, anthu awiri akagula nyumba limodzi amasankha imodzi mwa njira ziwiri zolembetsera umwini, ndipo zotsatira zake zimaoneka mmodzi akamwalira.

Pa njira yoyamba palibe zigawo: aliyense ndi mwini wa nyumba yonse. Tinene kuti bambo ndi mayi agula nyumba ku Leicester motere, kenako bambo amwalira. Tsiku lomwelo nyumba yonse imakhala ya mayi. Siilowa m'chuma chamasiye chogawidwa kwa abale. Ngakhale bambo atalemba mu wilo kuti theka la nyumbayo lipite kwa mwana wawo wa banja loyamba, mawuwo sagwira ntchito, chifukwa analibe theka lakelake loti n'kupatsa munthu. Apa mpamene ana ambiri amalirira kawiri, ndipo ine ndimaona kuti makolo ayenera kuwauza zimenezi akadali moyo.

Ntchito ya mayi ndi yochepa. Amatumiza fomu ya DJP ndi chikalata cha imfa ku ofesi ya kaundula wa malo, kuti dzina la malemu lichotsedwe. Ngati panali ngongole ya nyumba yomwe anasainira onse awiri, yonse imatsalira mayi.

Pa njira yachiwiri aliyense ali ndi gawo lake, ndipo gawo la womwalira limatsata wilo. Wofuna kuchoka pa njira yoyamba kupita pa yachiwiri amapereka kalata yodziwitsa mnzake, monga likunenera lamulo la katundu la 1925, ngakhale mnzakeyo asavomere. Koma kalatayo iyenera kuperekedwa onse ali moyo.