Kuluka nkhope yoti ithe kumwetulira

Mutu wa munthu wa m'katuni ukaumbidwa pa kompyuta, mu ZBrush kapena Blender, umatuluka wokongola, makwinya onse akuoneka. Vuto lake n'lakuti khungu lakelo limakhala tizidutswa mamiliyoni tosatsata mmene nkhope imayendera. Kompyuta imalemedwa nato, ndipo mukayesa kutsegula pakamwa, milomo imapindika mwachisawawa. N'chifukwa chake akatswiri amaluka khungu lina lopepuka pamwamba pa choumbacho, ntchito imene amaitcha ritopoloje.

Khungu latsopanolo lili ngati ukonde wa asodzi: mizere imakumana pa mfundo, ndipo diso lililonse la ukondewo likhale la ngodya zinayi. Mu Blender mumayamba mwaika Shrinkwrap kuti ukonde uzimatirira pa choumbacho, ndi Mirror kuti muziluka mbali imodzi yokha, inayo izidzitsatira.

Ine ndimati yambani ndi pakamwa, chifukwa ndi pamene luso limaonekera. Minofu ya milomo imazungulira kamwa, choncho mizere nayo izungulire momwemo. Tinene kuti mzere woyamba, wa m'mphepete mwa milomo, uli ndi mfundo 20: ziwiri m'ngodya za kamwa, 9 pa mlomo wam'mwamba, 9 pa wam'munsi. Kufanana kumeneku si kokongoletsa ayi. Kamwa likatsekeka, mfundo iliyonse yam'mwamba imafunika inzake yoti ikumane nayo, apo ayi milomo imasiya mpata kapena kulowana. Kuchoka pamenepo mumafutukula mizere ina itatu kapena inayi, umodzi kunja kwa unzake, mpaka mufike pa khwinya lotsika kuchokera m'mbali mwa mphuno. Maso amalukidwa chimodzimodzi, zikope ziwiri zikhale ndi mfundo zofanana kuti munthuyo aziphethira bwino.

Pamene mizere ya kamwa ikumana ndi ya maso, simungapewe mfundo yokumanapo mizere isanu m'malo mwa inayi. Mfundo yotere imatsina khungu likamasalazidwa ndi Subdivision Surface, imene imagawa diso lililonse la ukonde panayi. Musaiike pangodya ya kamwa kapena pachikope. Ikankhireni ku fupa la tsaya, kumene khungu silisuntha kwambiri.

Nanga mungadziwe bwanji kuti zalakwika? Gwirani Alt n'kudina mzere wozungulira kamwa. Ngati uli bwino, ubwerera pamene unayambira. Ukamangopota n'kukathera kukhosi, ndiye kuti penapake munalumikiza mfundo yolakwika. Ctrl+R nayo imaulula: mzere watsopano umaima ukangofika pa diso la ngodya zitatu. Komabe mayeso amene ndimawakhulupirira kwambiri ndi kutsitsa chibwano ndi Shape Key musanalukenso makutu ndi khosi. Ngodya ya kamwa ikasongoka m'malo mokhota mofewa, mizere yachepa pamenepo, ndipo kuonjezera umodzi tsopano n'kosavuta kusiyana ndi pamene mutu waikidwa kale mafupa oyendetsera.