Logo ya Pafoni Ikafunika Pachikwangwani

Logo ya sukulu imene imaoneka bwino pafoni ikhoza kutuluka yamanomano ikasindikizidwa pachikwangwani, ndipo vuto silikhala makina. Mafayilo a JPG ndi PNG amapangidwa ndi timadontho ta makona anayi totchedwa mapikiselo. Mukakulitsa chithunzi, timadonthoti sitichuluka, timangofufuma. Logo ya mapikiselo 300 m'lifupi ikatambasulidwa kufika mita imodzi ndi theka, kadontho kalikonse kamakwana mamilimita 5, moti munthu woima pafupi atha kutiwerenga.

Fayilo ya vekita, monga SVG, imasunga malangizo a kajambulidwe: mzere uyambire apa, ukhotere apo, mkatimo mukhale mobiriwira. Kompyuta imajambulanso mizereyo pa saizi iliyonse, kaya ndi pachidindo kapena pakhoma.

Pulogalamu yaulere ya Inkscape ili ndi njira yachidule, Path > Trace Bitmap, imene imalondola yokha m'mphepete mwa chithunzi. Imathandiza chithunzicho chikakhala chachikulu, chakuda pa choyera. Pa logo yaing'ono ine sindiidalira, chifukwa imalondola ndi zinyalala zomwe. Timawanga timene JPG imasiya mozungulira zilembo timasanduka tizidutswa, ndipo ngodya zakuthwa zimabulungika.

Tiyerekeze kuti logoyo ili ndi bwalo, buku lotsegula pakati, ndi dzina la sukulu. Ikani chithunzicho pansi, muchikhome kuti chisasunthe, n'kujambula pamwamba pake. Bwalo musalilondole ndi dzanja. Gwiritsani ntchito chida chojambulira mabwalo mutagwira Ctrl kuti likhale lozungulira ndendende. Bukulo jambulani tsamba limodzi ndi cholembera cha Bezier, mulikope, mulitembenuze, mbali zonse zifanane. Mfundo zolumikizira mizere zikhale zochepa. Bwalo labwino limangofuna mfundo zinayi, koma lolondoledwa ndi pulogalamu lingakhale ndi makumimakumi, ndipo mpeni wa makina odula zomata umatsatira kugwedera kulikonse.

Zilembo ndizo zimatenga nthawi. Fufuzani mtundu wa zilembo umene anagwiritsa ntchito poyerekeza R, G ndi a, zimene zimasiyana kwambiri mtundu ndi mtundu, kenako mutaipe dzinalo mwatsopano. Mukatero sankhani Path > Object to Path. Mukapanda kutero, kompyuta ya wosindikiza imene ilibe mtunduwo idzaikapo wina.

Mitundu ya utoto musangoitola pachithunzi chothimbiriracho. Funsani eni ake kuti kubiriwira kwawo n'kotani, ndipo wosindikiza ayambe watulutsa kachidutswa koyesera, pakuti inki siwala ngati sikirini.

Chenjeraninso ndi PDF, chifukwa ena amangolowetsamo JPG yomwe ija n'kunena kuti ntchito yatha. Tsegulani fayiloyo mu Inkscape, musankhe View > Display Mode > Outline. Ngati ndi vekita yeniyeni, mudzaona mizere ya bwalo, buku ndi chilembo chilichonse. Mukangoona bokosi lodutsidwa ndi mtanda, ibwezeni.