Nthochi ndi yanu, khoko ndi langa

Pamakoma ambiri a misika yathu pali mawu olembedwa ndi penti wofiira kapena makala: "Osataya zinyalala pano. Ukapezeka, chindapusa." Tsinde la khoma lomwelo ndi pamene mumapeza mulu wa makoko a nzimbe, majumbo ndi zitsononkho. Wolembayo sanalakwitse kalembedwe. Vuto ndi lakuti aliyense wodutsa akudziwa kuti palibe amene adzamugwire, ndipo chikwangwanicho chamuuza poti asataye koma sichinamuuze poti ataye. Munthu ali ndi khoko m'manja, dzanja linalo lanyamula katundu, kumbuyo akumukankha a wilibala. Khokolo ligwa pansi basi.

N'chifukwa chake m'mizinda ina adayesa kusiya kuopseza n'kuyamba kuseketsa. Chitsanzo chofanana kwambiri ndi msika wodzaza anthu ndi cha ku London, mumsewu wopapatiza wa Villiers. Si msika wa mabenchi ngati wa ku Limbe, koma ndi njira ya mashopu, malo odyera ndi omwera, yomwe anthu amapanikizana tsiku lonse popita ndi pochokera kokwerera sitima. Mu 2015 bungwe la Hubbub lidaona kuti zambiri zotoledwa pamenepo ndi zotsalira za ndudu ndi chingamu, ndipo ambiri otaya ndudu ndi anyamata ndi abambo oima panja pa mabala madzulo. Lidakhoma pakhoma kabokosi kachikasu ka zibowo ziwiri, kutsogolo kwake galasi, pamwamba funso: katswiri wa mpira padziko lonse ndani, Ronaldo kapena Messi? Wosuta akamaliza ankavota ndi kachidutswa ka ndudu kaja, ndipo aliyense ankaona pagalasi mbali imene ikutsogola. Pakabokosipo panalibe mawu oti "ukhondo" kapena "chilango". Zithunzi zake zidafalikira kutali, moti mabokosi otere tsopano ali m'maiko ambiri.

Kabokosika kadagwira ntchito chifukwa okapanga adayamba adziwa amene akutaya, chimene akutaya ndi malo amene waima. Ku Texas, m'dziko la Amerika, adadutsa njira yomweyo zaka 30 m'mbuyo mwake. Boma la kumeneko linkawononga madola pafupifupi 20 miliyoni pachaka potola zinyalala m'misewu, ndipo mawu opempha mwaulemu sankaphula kanthu. Atafufuza adapeza kuti ambiri otaya ndi anyamata oyendetsa mapikiapu, osakonda kulamulidwa koma onyadira kwawo. Choncho mu 1986 adatulutsa pa wailesi yakanema mawu a matama, onena kuti Texas sayambidwa dala, ndipo adawaika m'kamwa mwa oimba ndi osewera mpira amene anyamatawo ankawakonda. Pofika 1990, zinyalala zooneka m'misewu zinali zitatsika ndi 72 pa 100 iliyonse. Nthabwalayo inali m'chiyankhulo cha wotayayo, ndipo inamuika kumbali ya oteteza malo, osati ya olakwa.

Tiyerekeze tsopano kuti komiti ya msika wina wa m'tauni kuno kwathu yafuna kuyesa zimenezi. Isayambe ndi msika wonse. Isankhe mzere umodzi, tinene wa nthochi, nzimbe ndi chimanga chootcha, womwe umathera pa siteji ya minibasi. Ntchito yoyamba si kupeka mawu, koma kukhala pansi masiku angapo n'kuona. Woonayo apeza kuti makoko sagwa pabenchi pogulira, koma patsogolo pang'ono, pamene wogula wamaliza kudya, kawirikawiri poima kudikira kuti minibasi idzaze. Pamenepo ndi pofunika bini. Ofufuza za khalidwe la anthu adaona kalekale kuti bini ikatalikira, otaya pansi amachuluka, ndipo mumsika wothithikana munthu sangabwerere m'mbuyo chifukwa cha khoko limodzi.

Mawuwo alembedwe pabini penipeni, ndipo biniyo ndiyo iyankhule. "Nthochi ndi yanu, khoko ndi langa." "Mwadya nokha nzimbe, ine ndigawireniko makoko." "Pano pokha sitidula tikiti." Mawu ngati amenewa ndi aafupi moti munthu awawerenga akuyenda, amatchula chinthu chimene chili m'manja mwake, ndipo amaloza pochiponya. Chachikulu n'chakuti wosekedwa ndi bini, yomwe yadzisandutsa wopemphetsa. Wogula amatuluka m'nkhaniyo ngati munthu wopatsa, ndipo mayi wogulitsa nthochi amapeza njira yokumbutsira kasitomala popanda mkangano. Kunena kuti "Achimwene, tolani chimenecho" kumabutsa yankho lakuti "Msikawu ndi wanu?" Koma kunena moseka kuti "Mnzathu uyo ali ndi njala, mugawireni" sikuyambanitsa anthu. Ine ndimaona kuti phindu lenileni la nthabwala pamsika lili pamenepa, m'kamwa mwa ogulitsa, kuposa papenti.

Si onse amawerenga, ndipo ena maso ali pa katundu wawo. Choncho pakamwa pa bini pajambulidwe mano ndi maso aakulu, ana aiwone ali patali. Anyamata oitanira minibasi ndi ogulitsa a zimkuzamawu akauzidwa mawuwo, amawakometsa kuposa amene adawapeka. Ndi bwinonso kuti mawu asachokere ku ofesi. Tcheyamani wa msika aitanitse maganizo kwa mavenda, awerenge mokweza pamsonkhano, ndipo amene aseketsa anthu popanda kuwafotokozera ndiwo apite pabini.

Njira ya ku London ija ingatheke kuno mosavuta, chifukwa mkangano wa Maule ndi Manoma sutha. Mabini awiri oyandikana, ina yofiira ina yabuluu, funso pamwamba: adzapambana ndani Loweruka? Akhale a waya wa sefa kuti mulu uzioneka ukukwera, popeza chokoka anthu ndi kuona mbali yotsogola. Koma amangidwe zolimba pamtengo kapena pachitsulo, chifukwa tsiku limene timu ina yagonja pangapezeke wofuna kugubuduza bini ya anzake. Mafunso a zipani, a mipingo ndi a mitundu asayandikire n'komwe.

Pali nthabwala zimene zimabweza ntchito m'mbuyo. Yoyamba ndi yotukwana: "Wotaya pano ndi galu." Ena aseka, koma amene mukufuna kuti asinthe wapsa mtima, ndipo mawa mupeza mawuwo atafutidwa kapena wina atayankha pansi pake. Yachiwiri ndi yovuta kuizindikira chifukwa imaoneka yanzeru, monga "Takulandirani ku likulu la ntchentche" kapena "Pano aliyense amangotaya." Katswiri wa za maganizo a anthu Robert Cialdini ndi anzake adaonetsa mu 1990 kuti munthu amataya kwambiri pamalo pamene pali kale zinyalala. Ankaika timapepala pagalasi la magalimoto pamalo oimikapo, tsiku lina malowo atasesedwa, tsiku lina atamwazidwa zinyalala, ndipo oponya pansi kapepalako ankachuluka pamalo auve. Munthu amatsata zimene akuona kuti anzake akuchita. Chikwangwani cholengeza kuti onse amataya chimamupatsa chilolezo. Pachifukwa chomwechi, usiku woti mawa mabini atuluka, mzere wonse usesedwe ndipo ngalande ikumbulidwe. Mawu atsopano pamwamba pa mulu wakale amafa tsiku lomwelo.

Kenako pali nkhani ya bini yeniyeniyo, yomwe ambiri amaithamangira. Mgolo wa malita 200 ukadzaza makoko onyowa umalemera kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndipo wosesa mmodzi sangaunyamule. Ndi bwino kuudula pakati, kuika zogwirira, n'kuboola pansi kuti madzi a mvula azituluka. Asanagule penti, a komiti agwirizane dzina la wokhuthula, nthawi yake, wilibala yake, ndi kumene akakhuthulire. Mavenda ali ndi dandaulo lomveka m'misika yambiri: tikiti amadula tsiku lililonse, koma galimoto yonyamula zinyalala imatha masiku osaoneka. Bini yolembedwa kuti "Ndili ndi njala" ikasefukira mpaka pansi, anthu amasekabe, koma tsopano akuseka komiti, ndipo kubweza chikhulupiriro chawo kumavuta kuposa poyamba. Ngati pali mphamvu yokhuthula mabini anayi okha, aikidwe anayi, asapitirire.

Tivomerezenso malire a njirayi. Nthabwala imagwira wogula amene ali ndi khoko limodzi. Siichotsa madengu a tomato woola, masamba a kabichi ndi mamba a nsomba zimene ogulitsa amatulutsa pokonza malonda m'mawa, ndipo mumsika wa zakudya zimenezi ndiye zochuluka. Izi zimafuna thumba kuseri kwa benchi iliyonse, nthawi yodziwika yotolera, ndipo kumene kuli malo, dzenje la manyowa.

Nanga komiti idziwa bwanji kuti mawu athandiza? Kumva anthu akuseka si umboni. Asankhe chigawo cha njira, mapazi 20 m'litali, adinde malire ake. Chisesedwe m'mawa monga mwa masiku onse, ndipo 4 koloko madzulo wina atole zonse zagwa pamenepo, aziyeze ndi ndowa imodzimodzi, alembe m'kope. Achite zimenezi milungu iwiri asanasinthe kalikonse. Milungu iwiri yotsatira aike mabini opanda mawu, kenako ndiye alembe mawuwo. Tinene kuti poyamba ankatola ndowa zisanu ndi imodzi patsiku, mabini atabwera zatsika kufika zinayi, mawu atalembedwa zafika ziwiri. Apa zaoneka kuti theka la phindu labwera ndi bini, theka ndi nthabwala. Zikakhala zinayi ndi zinayi, mawuwo sanagwire, apeke ena. Ayezenso mzere wina umene sanaukhudze, chifukwa mango akayamba mu Novembala zinyalala zimachuluka msika wonse, ndipo popanda poyerekezera angaganize kuti ntchito yalephera pamene ikuyenda.

Kopelo lidzaonetsanso tsiku limene nthabwala yakalamba. Mawu amene munthu wawaona maulendo makumi angapo sawaonanso, ndipo ndowa zimayamba kukweranso pang'onopang'ono ngakhale mabini akukhuthulidwa bwino. Kabokosi ka ku London kaja adakapanga moti funso lizisinthidwa, ndipo pamsika napo pafunika chimodzimodzi: mawu alembedwe pakathabwa komangirira ndi waya, osati pamgolo penipeni. Mu Novembala 2020 dziko lino lidakhazikitsa tsiku losesa, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo tsiku ngati limenelo lingakhale losinthira timathabwato potsata nyengo. Nzimbe zikatha n'kubwera mango, bini ya pasiteji isiye kupempha makoko a nzimbe, iyambe kupempha nthangala.