Seva Ili Moyo, Koma Sikuoneka pa Mndandanda: Nkhani ya Valheim

Gulu la anzawo lagwirizana zokhala ndi dziko lawolawo m'masewera a pakompyuta a Valheim, omwe anapangidwa ndi kampani ya ku Sweden ya Iron Gate ndipo anayamba kugulitsidwa pa Steam mu 2021. Mmodzi wayatsa seva pakompyuta yake, ndipo amene wawatumizira adiresi akulowa bwinobwino kudzera pa Join IP. Koma ena akafufuza dzina la sevayo pa mndandanda wa Community, sakupeza kanthu. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kufufuta zonse n'kuyambiranso, pomwe seva ilibe vuto. Nthawi zambiri chasokoneza ndi chimodzi mwa zinthu ziwiri: seva sinauzidwe kuti idzilengeze, kapena njira yoyankhira mafunso ndi yotseka.

Seva ya Valheim imagwiritsa ntchito mapoti awiri, omwe ali ngati makomo awiri a nyumba imodzi. Poti 2456 ndi yolowera osewera, pomwe 2457 ndi yoyankhira ofunsa. Seva ikayaka imakalembetsa adiresi yake ku Steam. Wosewera akatsegula mndandanda, kompyuta yake imatenga maadiresiwo n'kufunsa seva iliyonse dzina lake ndi chiwerengero cha anthu omwe alimo. Funsolo limadzera pa 2457. Likapanda kuyankhidwa, sevayo imangodumphidwa, ngakhale m'kati muli anthu akumanga nyumba ndi kupalasa ngalawa.

Choyamba kuyang'ana ndi mzere woyatsira seva, umene pa Windows umapezeka m'fayilo ya start_headless_server.bat:

```
valheim_server -nographics -batchmode -name "Mudzi Wathu" -port 2456 -world "Dziko" -password "nkhwazi7" -public 1
```

Kumapetoko, `-public 1` ndiye chilolezo choti seva ionekere kwa aliyense. Pakakhala `-public 0`, seva imabisala mwadala, ndipo olowa ndi okhawo odziwa adiresi. Pasiwedi nayo ili ndi malamulo ake: isachepere zilembo zisanu, komanso isapezeke m'kati mwa dzina la seva. Mukaphwanya lamuloli seva imakana kuyaka n'komwe, choncho ngati anzanu akulowa kale, pasiwedi si vuto lanu.

Tsopano tione pamene ambiri amaphonya. Tinene kuti mwini seva wasintha n'kulemba `-port 2500`. Poti yoyankhira mafunso siikhalanso 2457, chifukwa Valheim imangowonjezera 1 pa nambala imene mwasankha, ndiye yakhala 2501. Iye watsegula 2500 yokha mu rauta, anzake akulowa, koma pa mndandanda palibe. Mankhwala ake ndi kulowa mu rauta, pa gawo la Port Forwarding, n'kulozetsa 2500 ndi 2501 ku adiresi ya kompyuta imene pali seva, monga 192.168.1.20. Pamenepo asankhe UDP, pakuti kutsegula TCP yokha n'kungodzivutitsa. Achitenso chimodzimodzi pa fayawolo ya kompyutayo, poti rauta ikhoza kulola funso kudutsa, Windows n'kulitsekereza. Ndi bwinonso kuuza rauta kuti isamasinthe adiresi ya kompyutayo, apo ayi tsiku lina magetsi akazima n'kuyakanso, mapoti adzakhala akuloza kompyuta ina.

Pali njira yotsimikizira popanda kulota. Mnzanu wokhala kwina atsegule Steam, apite pa View, kenako Game Servers, ndipo pa Favorites alembe adiresi yanu ya pa intaneti ndi poti yoyankhira ija, osati yolowera. Dzina la seva likatuluka, poti ndi yotseguka, ndipo chatsala n'kudikira mphindi zingapo kenako n'kulemba dzinalo m'kabokosi kofufuzira, popeza maseva ndi ochuluka ndipo mndandanda umadzaza pang'onopang'ono. Musayese muli m'nyumba momwemo, chifukwa marauta ena salola kompyuta ya m'kati kudziimbira yokha kudzera pa adiresi yakunja, ndipo mungaganize kuti zakanika pomwe zatheka.

Vuto lina silitheka ndi rauta yanu. Makampani ambiri a intaneti, makamaka ya m'manetiweki a foni, amagawira makasitomala ochuluka adiresi imodzi. Mudzazindikira ngati adiresi ya WAN yolembedwa mu rauta ikusiyana ndi imene mawebusaiti oonetsa adiresi akukuuzani, kapena ngati ili pakati pa 100.64 ndi 100.127. Zikatero, funso lochokera kunja silifika n'komwe pa rauta yanu. Apa wonjezerani `-crossplay` pa mzere uja. Seva idzadzera pa makina a PlayFab, omwe safuna kutsegula mapoti, ndipo idzapereka nambala yolowera yoti mutumizire anzanu. Ngati simukufuna njira imeneyo, pemphani kampani yanu adiresi yanuyanu, kapena chitani lendi seva kwa ochita malonda amenewa.